Masekondi 16 amene amakonzera kolasi njira

Nyimbo ya Billie Jean, imene Michael Jackson anaitulutsa pa chimbale cha Thriller mu 1982, ili ndi chinthu chodabwitsa chimene ambiri sachizindikira. Besi ndi ng'oma zimene mumamva mu vesi ndi zomwezo zimene zimalira mu kolasi. Komabe kolasi ikafika thupi limadzidzimuka ngati lamva chatsopano. Ntchito yonseyi imagwiridwa ndi kachigawo kapakati pa vesi ndi kolasi, kamene oimba amati pirikolasi.

Nyimboyi ili mu kiyi ya F# maina, ndipo pamenepo ndi kwawo kwa nyimboyo, pamene khutu limapumira. Mu vesi besi imangozungulira pakhomo pomwepo, kubwereza kanjira kamodzimodzi. Pirikolasi ikayamba kanjira kaja kamaleka. Zoimbira zimasamukira pa khodi ya D, kubwerera pa F# maina, kupitanso pa D, mpaka katatu. Womvera amazolowera kuti tikachoka tibweranso. Koma ulendo wachinayi, zikachoka pa D sizibwerera kwawo, zimakaima pa C#. M'khodi imeneyi muli noti imene pa kiyibodi yagundizana ndi F#, kumunsi kwake, moti khutu limangofuna kuti ikwere kaphazi kamodzi kotsalako. Zili ngati ndowa ya madzi imene mwaitukula kufika pamapewa koma simunaisenze: simungakhale nayo m'malere, iyenera kufika pamutu. Kolasi ikalowa, besi ija imabwerera pa F#, mtima n'kukhala pansi.

Kachigawo konseka n'kakafupi. Mukamawerenga 1, 2, 3, 4 motsatira ng'oma, muwerenga maulendo 8, ndipo pa liwiro la nyimboyi amenewo ndi masekondi pafupifupi 16.

Amakwaya amaidziwa kale mphamvu imeneyi. Imbitsani do, re, mi mpaka ti, kenako mutseke pakamwa. Wina m'gulumo amalizitsa yekha do, chifukwa sangapirire.

Chida chachiwiri ndi kukwera kwa mawu, ndipo chimamveka bwino mu Firework ya Katy Perry ya mu 2010. Vesi amaiimba ndi mawu apansi, ngati akungocheza. Mu pirikolasi mizere imafupika, ndipo kachidutswa kalikonse kamatera pamwamba pang'ono kuposa kanzake, uku mavayolini akukankha kumbuyo. Mawu akamakwera woimba amafunika mpweya wambiri ndipo kukhosi kumalimba. Womvera amakumva kulimbako ngakhale sadziwa noti ndi imodzi yomwe, chifukwa naye akakwiya kapena akasangalala mawu ake amakwera chimodzimodzi. Koma mvetserani bwino: pirikolasi imakwera osafika pansonga. Noti zapamwamba kwambiri anazisungira kolasi.

Apa ndi pamene opeka nyimbo ambiri amapunthwa. Woimba akatenthedwa amakhuthula mphamvu zonse mu pirikolasi, nafika pa noti yake yomalizira, ndiye kolasi ikafika alibenso kokwera. Imamveka ngati yatsika, ngakhale wojambula atawonjezera ng'oma ndi mawu othandizira mu situdiyo. Mankhwala ake nthawi zambiri sakhala pa kolasi. Tsitsani poyambira pirikolasi, kapena muyambire vesi pansi ndithu, kuti pamwamba patsale malo.

Vuto lina ndi kutera msanga. Mzere womaliza wa pirikolasi ukathera pa do, zoimbira nazo zili pa khodi ya kwawo, ndiye kuti nkhani yatha, ndipo kolasi ikubwera popanda woiyembekezera. Mawu a nyimbo nawo amatha kuulula msanga. Mutu wa nyimbo, mawu aja amene anthu adzaimbe nanu limodzi, musawatchule pano. Ndi bwino kuthera pa funso, kapena pa chiganizo chimene kolasi idzamalize. Ena amadula besi ndi ng'oma pa kugunda komaliza, kuti kolasi igwere pamalo opanda kanthu. Njira imeneyi imagwira, kungoti yafala kwambiri moti paokha siingapulumutse pirikolasi yofooka.

Sikuti nyimbo iliyonse imafuna kachigawo kameneka. Nyimbo zathu zambiri za wotsogolera ndi ovomera zimatentha chifukwa chobwereza ndi kulandizana, ndipo kuikamo pirikolasi kungangoziziritsa gule. Imafunika makamaka pamene vesi ndi kolasi zafanana kwambiri, monga mu Billie Jean, kapena pamene zatalikirana, vesi ili pansi kolasi ili kumwamba, monga mu Firework.

Ngati mwapeka nyimbo, iyeseni chonchi. Imbirani mnzanu vesi ndi pirikolasi, ndipo pamene kolasi imayenera kuyamba mungokhala chete. Akakufunsani kuti mwalekeranji, kachigawoko kagwira ntchito. Akaomba m'manja poganiza kuti mwamaliza, kasintheni khodi yomaliza ndi noti imene mwatherapo.