Masamu a mphika wa pa mbaula yamagetsi

Mphika wa madzi uli pa mbaula yamagetsi. Madziwo ndi ofunda kale, kutentha kwake kukuposa kwa m'chipinda ndi madigiri 10. Pakapita mphindi 2 munthu akuyatsa swichi, ndipo pa mphindi ya 12 magetsi akuzima. Kodi pa mphindi ya 22 madziwo adzakhala otentha bwanji?

Tinene kuti y ndi madigiri amene madzi akuposera chipinda, t ndi mphindi, ndipo y′ ndi liwiro limene kutenthako kukusinthira. Tiyerekeze kuti mbaula ikayaka imawonjezera madigiri 8 pa mphindi, pomwe mphika umataya gawo limodzi mwa magawo khumi a y pa mphindi. Chovuta ndi swichi, chifukwa moto ukubwera mwadzidzidzi n'kuchokanso mwadzidzidzi.

Apa m'pamene pamalowa sitepe ya Oliver Heaviside, Mngelezi amene anakhala ndi moyo kuyambira 1850 mpaka 1925, wodziphunzitsa yekha masamu pofufuza za mawaya a telegalafu. Sitepeyi imalembedwa u(t − a), ndipo ndi 0 nthawi a isanakwane, kenako 1 mpaka kalekale. Yokha sidziwa kuzima. Pozimitsa timachotsera sitepe ina yoyamba mochedwa, moti u(t − 2) − u(t − 12) imakhala 1 pakati pa mphindi ya 2 ndi ya 12 pokha. Nkhani yonse ya mphika ikukwana mzere umodzi:

y′ + 0.1y = 8[u(t − 2) − u(t − 12)], y(0) = 10

Njira yotchedwa ndi dzina la Pierre-Simon Laplace wa ku France imachotsa samuyi m'dziko la nthawi t n'kuipititsa m'dziko la s, kumene kumangofunika kuchulukitsa ndi kugawa. Kumeneko y imasanduka Y, y′ imasanduka sY − y(0), kotero madigiri 10 oyambira aja amalowa okha, ndipo u(t − a) imasanduka e^(−as)/s. Tikasiya Y payokha tikupeza:

Y = 10/(s + 0.1) + (e^(−2s) − e^(−12s)) × 8/[s(s + 0.1)]

Pobwerera ku t, ma e awiriwo muyambe mwawaika pambali. Iwo ndi chizindikiro chabe cha kuchedwa. Chotsalacho, 8/[s(s + 0.1)], chimagawika kukhala 80/s − 80/(s + 0.1), ndipo tebulo la Laplace limatipatsa g(t) = 80(1 − e^(−0.1t)). Umu ndi mmene madzi ofanana kutentha ndi chipinda akanatenthera mbaula ikanayaka pachiyambi pomwe osazimanso. Lamulo la kuchedwa limati e^(−as) ikachulukitsa chinthu, yankho lake limayamba pa nthawi a, ndipo paliponse pamene panali t tilembepo t − a:

y = 10e^(−0.1t) + u(t − 2)g(t − 2) − u(t − 12)g(t − 12)

Tsopano tiwerenge. Swichi isanayatsidwe masitepe onse ndi 0, madzi akungozizira, ndipo pa mphindi ya 2 y ili pa 8.2. Pa mphindi ya 12 kufunda koyambira kuja kwatsala 3.0, g(10) ndi 50.6, pamodzi 53.6. Pa mphindi ya 22 tili ndi 1.1, kuphatikiza g(20) yomwe ndi 69.2, kuchotsa g(10), yankho 19.7. Ngati chipinda chili pa madigiri 25, madziwo ali pafupifupi pa 45. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti m'masamumu mbaula yoyamba ija siizima konse. Pa mphindi ya 12 pamangoyaka "mbaula" yachiwiri yochotsa moto wofanana ndendende.

Ophunzira ambiri amagwa pa t − a. Amalemba u(t − 2)g(t), kuiwala kuchedwetsa g. Cholakwachi chimadziulula chokha mukayesa pa mphindi ya 2. Yankho lolondola limawonjezera g(0), yomwe ndi 0, choncho kutentha kumapitirira pamene kunali. Lolakwika limawonjezera g(2), madigiri 14.5, nthawi imodzi. Madzi sangalumphe chotero. Chimene chimalumpha swichi ikayaka ndi liwiro y′, kuchoka pa −0.8 kufika pa 7.2, pomwe mzere wa y pa galafu umangopindika osaduka. Kuyesa kwina n'kwakuti magetsi akazima madzi amangozizira, ndiye 53.6 kuchulukitsa ndi e^(−1) iyenera kupereka 19.7, ndipo ikuperekadi.

Njirayi ili ndi malire ake. Magetsi akanapanda kuzima, samu ikanati y ikulowera ku 80, kutanthauza madigiri 105 m'chipinda chathu chija, koma madzi amayamba kuwira asanafike pamenepo ndipo lamulo tinalemba lija limasiya kugwira. Komanso sitepe imafuna kuti nthawi ya swichi idziwike pasadakhale. Ayironi kapena giza zimadzizimitsa kutentha kukafika pa mlingo wina, kotero a sadziwika poyamba. Pamenepo mumawerengera chigawo choyamba, kupeza nthawi imene y ikufika pa mlingowo, kenako n'kuyamba samu yatsopano ndi y ya pa nthawiyo ngati poyambira pake.