Ndalama ndi zochepa, magemu ukufuna ambiri: ugule foni kapena kamakina ka magemu?

Nintendo Switch Lite, kamakina ka magemu kogwira m'manja komwe kanatuluka mu 2019, kanayamba kugulitsidwa pa madola 200 a ku America. Kwa wophunzira amene wakhala akusunga pang'onopang'ono, mtengowu sungaoneke woopsa kwambiri. Koma m'bokosimo simukhala gemu. Magemu otchuka a Nintendo, monga Mario Kart 8 Deluxe, amagulitsidwa pafupifupi madola 60 imodzi, ndipo satsika mtengo msanga ngakhale patapita zaka. Ukagula atatu okha wawononga madola 180, ndalama yotsala pang'ono kufanana ndi ya makinawo, osawerengera zotumizira katundu kuchokera kunja ndi msonkho. Choncho kwa munthu wofuna magemu osiyanasiyana, funso lenileni ndi lakuti gemu yachiwiri, yachitatu ndi yachikhumi idzamudyera zingati.

Apa ndi pamene foni imapambana. Wophunzira sangakhale wopanda foni, chifukwa manotsi ndi mauthenga a kalasi amadutsa pa WhatsApp. Ndalama ya kamakina akaiphatikiza ku ya foni, amapeza chinthu chimodzi chogwira ntchito zonse ziwiri. Pa Play Store pali eFootball ndi Dream League Soccer za mpira, Free Fire ndi Call of Duty: Mobile zowomberana, komanso magemu a galimoto ndi a nzeru osawerengeka, ambiri osalipira potsitsa.

Komatu si foni iliyonse, ndipo ambiri amapusitsika pomwepa. Pa bokosi pakalembedwa kuti RAM ndi 4GB+4GB, RAM yeniyeni ndi 4GB yokha. Inayo ndi malo osungira zinthu amene foni imangobwereka, ndipo ndi ochedwa kwambiri moti gemu sapindula nawo kwenikweni. Foni ya 2GB, ya Android Go, isiyeni ngati cholinga ndi magemu. Yambirani pa 4GB yeniyeni, 6GB ngati thumba likulola, ndi malo osungira a 128GB, poti gemu imodzi yaikulu imatha kudya magigabaiti oposa khumi. Funsaninso dzina la purosesa. Helio G85 imakwanitsa magemu ambiri mukachepetsa kukongola kwa zithunzi, pamene Helio G99, yopezeka m'mafoni ena a Tecno ndi Infinix, imapirira bwinoko. Kamera ya mamegapikiselo 108 ndi yokopera maso chabe, pa gemu ilibe gawo.

Ngati mukugula yogwirapo kale ntchito, musakhutire ndi kuiyatsa. Sewerani gemu yolemera kwa mphindi 20. Foni yofooka imayamba bwinobwino, kenako kumsana kumatentha ndipo zithunzi zimayamba kudukizadukiza, chifukwa purosesa imadzichepetsera liwiro kuti isapse. Onaninso batire: ikatsika mothamanga m'mphindi zomwezo, yatha ntchito.

Magemu aulerewo ali ndi msampha wake. Ambiri amafuna intaneti nthawi zonse, ndipo chomwe chimamaliza bandulo si kusewera kwenikweniko koma zowonjezera zomwe gemu imakukakamiza kutsitsa isanatseguke. Zimenezo dikirani Wi-Fi ya pasukulu kapena bandulo ya usiku. Ena amakunyengerera kugula osewera ndi zovala za m'gemu, kandalama kakang'onokang'ono koma kosaleka. Komanso batire yomwe yathera pa mpira ndi yomweyo yowerengera manotsi magetsi akazima.

Chomwe kamakina kamaposera foni ndi mabatani. Kukanikiza galasi kumatopetsa, zala zimaphimba chithunzi. Vutoli limatha ndi padi ya Bluetooth, yomwe mtengo wake nthawi zambiri sufika pa gemu imodzi ya Nintendo, kungoti si gemu iliyonse ya pafoni imavomera padi. Padiyo imasangalatsa kwambiri pa PPSSPP, pulogalamu yaulere yoseweretsa magemu a PSP pa Android. Pulogalamuyi ndi yololedwa, koma magemuwo ali ndi eni ake, ndipo masamba owagawa mwaulere ena amabisamo mavairasi.

Palinso timakina totchipa ta ku China monga Anbernic RG35XX ndi Miyoo Mini Plus, ta madola osafika 100. Timasewera bwino magemu akale a Game Boy mpaka PlayStation yoyamba popanda intaneti, koma atsopano ayi. Memore khadi yomwe timabwera nayo nthawi zambiri ndi yosalimba, ndipo ikafa imapita ndi magemu onse.

Switch Lite ndingailimbikitse kwa wophunzira mmodzi yekha: amene ali kale ndi foni yabwino, komanso anzake awiri kapena atatu a Switch oti azisinthana nawo makatiriji, chifukwa katiriji imabwerekeka ndipo imagulitsikanso. Akamagula yakale ayese timitengo towongolera pa Calibrate Control Sticks mu System Settings. Kadontho kakamayenda kokha iye asanakhudze, kamtengoko kawonongeka, ndipo pa Lite kukasintha n'kofuna kumasula makina onse.