Kusamutsa nkhope pa chithunzi: kukongola ndi kufanana n'zosiyana

Tiyerekeze kuti muli ndi zithunzi ziwiri. Choyamba ndi cha amalume anu, chaching'ono ngati cha pa chiphaso, akuyang'ana kutsogolo, kachipsera kali pamwamba pa diso lamanzere. Chachiwiri ndi cha mwamuna wina wovala suti, wayang'ana cham'mbali, wavala magalasi, dzuwa likumuwomba tsaya limodzi. Amalume akufuna nkhope yawo ikhale pa chithunzi chachiwiricho, koma suti, magalasi ndi kuwala zikhale momwe zilili. Kompyuta ili ndi njira ziwiri zogwirira ntchitoyi, ndipo iliyonse imalakwitsa mwamtundu wake.

Njira zonse ziwiri nthawi zambiri zimayambira pamodzi. Pulogalamu yozindikira nkhope, monga ArcFace, imayang'ana amalume n'kuwasandutsa manambala 512. Manambalawa amasunga zinthu zosiyanitsa munthu ndi anzake, monga kutalikirana kwa maso ndi kapangidwe ka mphuno. Kachipsera kaja nthawi zambiri kamatayika pomwepa, ntchito yeniyeni isanayambe n'komwe.

Njira yakale ndi GAN, yomwe Ian Goodfellow ndi anzake anatulukira ku Montreal mu 2014. Pophunzitsa, mapulogalamu awiri amapikisana: wina amapanga chithunzi, mnzake amaweruza ngati ndi chenicheni kapena chabodza, mpaka wopangayo atadziwa kupusitsa woweruza. SimSwap ya mu 2020 inamangidwa motere. Ikatha kuphunzira imagwira ntchito kamodzin'kamodzi: imadula nkhope ya mwamuna wa suti, kulowetsamo manambala a amalume, n'kuibwezera pamalo pake, mwina sekondi isanathe. Kwina konse pa chithunzi sikukhudzidwa, ndipo ubwino wake waukulu ndi umenewu.

Vuto ndi kuchepa kwa kagawo komwe imagwirapo. SimSwap yoyamba inkapanga nkhope ya timadontho 224 m'litali ndi 224 m'lifupi, ndipo `inswapper_128`, yomwe ambiri amagwiritsabe ntchito, imapanga ya 128 basi. Mukaikulitsa, khungu limaoneka losalala mopitirira, mano amagwirana kukhala mzere umodzi woyera. Yang'anani m'mphepete mwa chibwano ndi pomwe tsitsi layambira: mtundu wa khungu umasintha mwadzidzidzi. Chitsulo cha magalasi chimatha kuzimiririka pamene chadutsa pa tsaya. Mutunso umakhalabe wa mwamuna wa suti uja, choncho ngati amalume ali ndi nkhope yozungulira pomwe iye ndi wa chibwano chosongoka, abale adzaona kuti pena pake pasokonekera.

Njira yatsopano, ya difyushoni, inatchuka kuchokera mu 2020 ndipo inafika m'manja mwa anthu wamba mu 2022, Stable Diffusion itatuluka. Iyi imaphunzira kuchotsa phokoso pa chithunzi. Imayamba ndi timadontho tachisawawa, ngati wailesi ya kanema yomwe yataya siteshoni, n'kumayeretsa pang'onopang'ono, kawirikawiri maulendo 20 mpaka 50, ndipo ulendo uliwonse manambala a amalume amaiwongolera. DreamBooth ya ku Google inkafuna zithunzi zitatu mpaka zisanu za munthuyo ndi kuphunzitsidwa mwapadera. InstantID ya mu 2024 imakwanitsa ndi chimodzi.

Popeza imajambula mwatsopano, difyushoni imatha kukonza mutu wonse, kuika mthunzi kumbali yoyenera ndi kujambula magalasi athunthu. Khungu limakhala ndi timabowo take, ndevu zimaoneka imodziimodzi. Koma apa ndi pomwe ine ndimadera nkhawa. Pomwe manambala 512 aja sananene kanthu, iyo imadzaza ndi zomwe inazolowera kuona pophunzira. Khutu la amalume, lomwe pa chithunzi cha chiphaso silinkaoneka bwino, imangopeka. Ikhoza kuwachotsera zaka, kuwongola mano, kapena kuyeretsa khungu pang'ono. Mukasintha nambala yoyambira, yotchedwa `seed`, mumapeza munthu wosiyanako. Mukakweza kwambiri mphamvu ya manambala a nkhope kuti afanane, nkhope imauma ndipo mitundu imapsa.

Akatswiri amayesa kufanana pobwezera chithunzi chatsopanocho mu pulogalamu yozindikira nkhope n'kuyerekeza manambala. Ngati yoyesayo ndi yomwe ija inawongolera ntchito, zotsatira zimakoma kuposa zenizeni, choncho pamafunika ina yosiyana. Komanso kafukufuku wa bungwe la NIST ku America mu 2019 anapeza kuti mapulogalamu ambiri ozindikira nkhope amasokoneza kwambiri anthu a kumadzulo ndi kum'mawa kwa Africa kuposa a kum'mawa kwa Ulaya, kutenga anthu awiri osiyana ngati mmodzi. Kwa nkhope ngati zathu, manambala okha asatikhutiritse.

Ngati chofunika n'chakuti chithunzi choyambacho chisasinthike ndipo nkhope ndi yaing'ono, GAN ikadali yokwanira. Pa chithunzi chachikulu chopachika pakhoma, difyushoni imapambana, bola wina wowadziwa bwino amalume achione kaye. Ndipo nkhope ya munthu musaisamutse mwiniwake asanavomere.