Ntchito yoyeza mayi wodya dothi ku Makanjira

Pa sikelo ya amayi oyembekezera pamafunsidwa zambiri: mimba yachingati, mwezi wachingati, kaya mayi amagona m'masikito. Funso limene limatsala kawirikawiri ndi la dothi. Amayi ambiri oyembekezera kuno kwathu amadya dothi, la pachulu, la pakhoma la nyumba, kapena logula pamsika, ndipo popeza aliyense akudziwa zimenezi, anthu saliwerengera ngati nkhani ya kuchipatala. Koma m'mabuku a zachipatala, kudya zinthu zosadyedwa kwa mwezi wathunthu kapena kupitirira kuli m'gulu la matenda a kadyedwe, pamodzi ndi matenda odzikaniza chakudya aja timawamva kumayiko a azungu. Dzina lake ndi payika. Mabukuwo amachenjezanso kuti chizolowezi chofala pakati pa anthu si matenda mwa icho chokha. Chimasanduka matenda chikayamba kuwononga thupi. Kupeza malire amenewo ndi ntchito ya katswiri wa kadyedwe ka odwala.

Akatswiri amenewa ndi atsopano m'Malawi. Maphunziro awo anayamba mu 2016 ku Bunda, pansi pa yunivesite ya LUANAR, mogwirizana ndi sukulu ya madokotala ya ku Blantyre, ndipo omaliza maphunzirowo amalembetsa ku bungwe loyang'anira madokotala la Medical Council of Malawi. Amasiyana ndi alangizi a kadyedwe amene amaphunzitsa m'midzi za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Katswiri wa odwala amakhala ndi munthu mmodzi, kumuyeza, kulemba, ndi kukonza kadyedwe kogwirizana ndi matenda ake. Alipo ochepa, ndipo ambiri ali m'zipatala zazikulu za m'mizinda. Makanjira ali kuvuma kwa nyanja, kufupi ndi malire a Mozambique, pafupifupi makilomita 100 kuchokera pa boma la Mangochi, pa msewu wodutsa Malindi ndi Lungwena umene umavuta nthawi ya mvula. Kumalo ngati amenewa ntchito ya katswiriyu imagwera mzamba, dokotala wothandizira ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi. Njira yake ndi imodzimodzi, ndipo zida zake n'zochepa: sikelo, tepi yoyezera mkono, kamakina koyezera magazi, cholembera ndi kabuku ka kuchipatala.

Tiyerekeze mayi wa zaka 22, mimba yachitatu, yamasabata 26. Wabwera akudandaula za chizungulire ndi kuthamanga kwa mtima akamasenza madzi. Akafunsidwa kuti, "Kodi mumadya dothi?" adzakana, chifukwa akudziwa kuti kuchipatala amakalipira zimenezi. Wodziwa ntchito amafunsa mwina: "Amayi, anzanu ambiri akakhala ndi pakati amalakalaka dothi, ena makala, ena mpunga wosaphika, ena kutafuna ayezi. Inuyo chimene mtima wanu ukufuna n'chiyani?" Funso lotere limachotsa manyazi. Ku Makanjira ambiri amamasuka m'Chiyawo, choncho mzamba wochokera kwina amafunika womasulira, ndipo ndi bwino akhale mayi mnzake wapachipatala, osati mwamuna wake kapena apongozi.

Mayi akavomera, "amadya dothi" si mawu okwanira kulemba m'kabuku. Wodya kachibulumwa kamodzi pa sabata ndi wodya chikho chodzaza pa tsiku onse amadya dothi, koma ngozi yawo si yofanana. Chofunika ndi mtundu wake, kumene amalitenga, kaya amaliwotcha pamoto, kangati pa tsiku, lochuluka bwanji, ndi pamene anayambira. Kuchuluka ndiko kumavuta, chifukwa palibe amene amayeza dothi asanadye. Njira yabwino ndi kumupempha asonyeze ndi chinthu chodziwika kukula kwake, monga bokosi la machesi, kapena abwere nalo ulendo wotsatira kuti liikidwe pa sikelo. Mayi wathuyu akuti amadya chibulumwa chonga bokosi la machesi kanayi pa tsiku, la pachulu, losawotcha, kuyambira mwezi wachitatu wa mimba. Chibulumwa chotere chimalemera pafupifupi magalamu 30, ndiye kuti pa tsiku akudya magalamu ngati 120.

Kenako pamabwera kufunsa za chakudya cha dzulo, kuyambira podzuka mpaka pogona. Apa m'pamene pamaoneka luso. Ukafunsa kuti "mumadya chiyani?" munthu amakuuza zimene amayenera kudya. Ukamuyendetsa m'tsiku la dzulo, ola ndi ola, amakuuza zimene anadyadi. Mayiyu akuti m'mawa anamwa tiyi wopanda mkaka ndi chinangwa. Masana kunali nsima ndi nkhwani, koma anadya mtanda umodzi osamaliza. Madzulo kunali usipa, anangolawa. Wofunsayo amabwereranso kachiwiri kufunsa zapakati, ndipo ulendo uno amaika dothi m'malo mwake: chibulumwa choyamba asanamwe tiyi, chachiwiri nsima ili pamoto, chachitatu dzuwa litapendeka, chomaliza pogona. Tsopano pepala likuonetsa chinthu chimene mayi mwiniwake sanachione, kuti dothi likulowa m'mimba nthawi yochepa nsima isanafike, n'kutenga malo ake.

Tsiku limodzi likhoza kunamiza, ndiye pamafunsidwanso za sabata yonse: nsomba kangati, nyemba kapena nandolo kangati, zipatso kangati. Pamafunsidwanso ngati dzulo linali tsiku wamba. M'dera la Asilamu ambiri ngati ili, m'mwezi wa Ramadani kadyedwe kamasinthiratu, ndipo ngakhale chipembedzo chimalola woyembekezera kusasala, alipo amene amasalabe. Komanso kukhala m'mbali mwa nyanja sikutanthauza kudya nsomba tsiku lililonse. Mwera ukawomba masiku angapo asodzi sapita panyanja, ndipo usipa ukapezeka, wambiri umapita kwa ogula.

Pali funso lina limene sindifuna kuti lizidumphidwa. Munthu akamadya pang'ono, zifukwa zake zimakhala zitatu zosiyana: chakudya kulibe, chakudya chilipo koma sichikulowa, kapena akudzikaniza dala. Woyambayo akufunika thandizo la chakudya. Wachiwiri akufunika kufufuzidwa matenda, nseru, chifuwa chachikulu, kachilombo ka HIV, ngakhale kukhumudwa. Wachitatu, amene amaopa kunenepa kapena amadzisanzitsa akadya, ndi wa anamwino a matenda a maganizo, ndipo zikakula amatumizidwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Mayi wathu ali m'gulu lachiwiri. Ufa ulipo m'nyumba, koma njala sakuimva.

Zoyeza thupi zimabwera pambuyo. Sikelo yokha imasokoneza pa mayi woyembekezera chifukwa imayeza mayi, mwana ndi madzi pamodzi, n'chifukwa chake tepi ya pamkono imadaliridwa. Mkono wake wapezeka masentimita 21.5, pansi pa 22 pamene azaumoyo amayamba kuda nkhawa. Kulemera kwake ndi makilogalamu 49, chimodzimodzi mwezi watha, pamene pa msinkhu uwu wa mimba amayenera kumawonjezera mwezi uliwonse. M'zikope ndi m'manja mwayera. Mtima ukugunda ka 104 pa mphindi ali chikhalire. Magazi apezeka pa 8.2. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati woyembekezera akatsika pa 11, kapena pa 10.5 m'miyezi itatu yapakati ya mimba, ndiye kuti magazi achepa, ndipo akatsika pa 7 afika poopsa. Mayiyu ali pakati, koma kutsogoloku kuli miyezi itatu imene mwana amakoka ayironi wambiri, ndiponso kubereka kumene kumataya magazi.

Kodi dothi ndilo lachepetsa magazi, kapena kuchepa kwa magazi ndiko kwabweretsa chilakolako cha dothi? Zonse ziwiri zimachitika. Kafukufuku wa mu 2015 amene anaphatikiza zofufuza zambiri za m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti odya zinthu zosadyedwa amapezeka ndi vuto la kuchepa magazi kuwirikiza kawiri ndi kupitirira poyerekeza ndi anzawo. Thupi losowa ayironi limadzutsa chilakolako chimenechi, ndipo dothi la mtapo likafika m'matumbo limagwira ayironi wa m'chakudya ndi wa m'mapiritsi, n'kutuluka naye. Dothi lofiira lili ndi ayironi ndithu, koma ndi wamtundu umene thupi limalephera kuyamwa. Woyeza wabwino sasiyira mlandu wonse pa dothi. Kunyanja kuno malungo amaswa magazi, likodzo limawataya m'mkodzo, ndipo njoka zam'mimba zoyamwa magazi zimalowera pakhungu la kumapazi, osati pakamwa. Zimene zimabwera ndi dothi lodyedwa ndi mazira a njoka zina, zazitali zija. Choncho mayiyu amayezedwa malungo, n'kufunsidwa ngati mkodzo umatuluka ndi magazi.

Funso la mapiritsi a magazi limaulula zina. Akuti analandira, anamwa sabata imodzi, n'kusiya chifukwa chimbudzi chinauma. Tsopano amatha masiku anayi osachita chimbudzi. Iye akuda mapiritsi, koma dothi la magalamu 120 pa tsiku likuthandizira kwambiri kudzimbidwako. Apa pali ngozi yachiwiri, yosowa koma yoopsa: dothi likhoza kuunjikana n'kutseka matumbo. Zizindikiro zake ndi mimba yotupa ndi yopweteka, kusanza, ndi kusatulutsa ngakhale mpweya. Dothi limagwiranso mchere wa potaziyamu, ndipo ukachepa miyendo imafooka, mtima n'kumagunda mosalongosoka.

Zonsezi zimalembedwa mwachidule koma ndi manambala, kuti mzamba wina amene adzamuone mwezi wamawa adzakhale ndi poyerekezera: dothi la pachulu, losawotcha, kanayi pa tsiku, magalamu ngati 120, miyezi itatu; nsima yosakwanira; nsomba kawiri pa sabata; tiyi pamodzi ndi chakudya; mapiritsi anasiya; mkono 21.5, magazi 8.2. Pansi pake pamalembedwa zimene zikaoneka atumizidwe msanga kumene kuli magazi ndi opaleshoni, monga ku chipatala cha boma ku Mangochi: magazi kutsika pa 7, kupuma movutikira ali chikhalire, zizindikiro za kutseka kwa matumbo, miyendo kufooka mwadzidzidzi. Ndi mtunda wa Makanjira, ine ndimaona kuti mayi wa 8.2 amene mwezi wake wobereka ukugwera m'dzinja ayenera kukambirana za kuchidikiro lero lomwe.

Kumuuza kuti asiye dothi lero sikugwira ntchito, amangosiya kukuuzani. Chimene chimatheka ndi kugwirizana naye pang'onopang'ono. Ayambirenso mapiritsi, pa mlingo wochiza wa mamiligalamu 120 a ayironi pa tsiku m'malo mwa 60 woteteza chabe, ndipo pakati pa piritsi ndi dothi kapena tiyi pazidutsa maola awiri. Achotse kaye zibulumwa ziwiri zija zotsogolera chakudya. Alandire piritsi la njoka, limene limaloledwa miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Usipa azidya wathunthu ndi mutu womwe, ndipo pa nsima pazikhala chowawasa ngati ndimu kapena malambe, chifukwa chimathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi nyemba. Kuwotcha dothi kumapha mazira a njoka, koma sikuliletsa kugwira ayironi, ndiye asauzidwe kuti lowotcha n'labwino.

Pakatha masabata anayi amayezedwanso. Ngati mankhwala akugwira, magazi amakwera ndi 1 kapena kupitirira, kufika cha pa 9.2, ndipo nthawi zambiri chilakolako cha dothi chimayamba kuzilala magazi asanafike n'komwe pa 11. Akapezeka akadali pa 8.2, mafunso amabwerera pa pepala lija: mapiritsi akumwadi, dothi latsika kuchoka pa zibulumwa zinayi, malungo anabweranso, mkodzo uli ndi magazi. Zonsezo zikakhala bwino koma magazi osakwera, vuto si la kadyedwe kokha, ndipo mayiyo ayenera kukaonedwa ndi dokotala ku Mangochi.