Foni Ikatsala M'chipinda cha Alendo

Lolemba m'mawa, alendo atachoka m'malo ogona a ku Senga Bay kapena ku Mangochi, wokonza m'zipinda salephera kutola kenakake. Tchaja imatsala pasoketi, ndolo imagwera kuseri kwa bedi, zovala zosambira zimaiwalika kubafa. Nanga m'chipinda nambala 12 akapezamo foni itakulungika m'nsalu zofunda, amatani?

Pamalo oyendetsedwa bwino, foniyo sikhalitsa m'thumba la yunifolomu. Woitola amapita nayo kwa womuyang'anira nthawi yomweyo, ndipo imalembedwa m'buku la katundu wotayika: tsiku, nambala ya chipinda, pomwe yapezeka, mtundu wake, ngakhale mng'alu wa pagalasi. Onse awiri amasainira, kenako imaikidwa mu envulopu yomata yokhala ndi nambala yofanana ndi ya m'bukumo n'kutsekeredwa m'sefa. Bukuli limateteza kwambiri wantchito, chifukwa chinthu chikasowa m'chipinda, woyamba kulozedwa chala amakhala iyeyo.

Nthawi yosungira imasiyana. Mahotela ambiri amasunga zovala ndi matchaja miyezi 3, pomwe mafoni, ndalama ndi mphete amazisunga miyezi 6 kapena kuposerapo. Chambo chootcha chotsala mufiriji sichidikira mwini. Pasipoti ya mlendo wakunja, mwiniwake akapanda kupezeka, imaperekedwa kupolisi kapena ku ofesi ya kazembe wa dziko lake.

Mpofunika kusamala pomudziwitsa mlendoyo. Wapakauntala wochenjera amaimba nambala yomwe mlendo analemba yekha polowa, ndipo akayankha wina saulula zambiri. Si aliyense amene anauza akunyumba kuti akagona kunyanja.

Povuta kwenikweni ndi pamene wina waimba kuti foniyo ndi yake. Wapakauntala safunsa kuti, "Kodi ndi yakuda ija, bwana?" Kutero nkumupatsa yankho. Woimbayo ndiye afotokoze: anagona liti, chipinda chiti, foni yamtundu wanji, pagalasi pali chithunzi chanji. Akabwera, aonetse chiphaso cha unzika, aitsegule ndi nambala yake yachinsinsi, asainire. Akatuma mbale wake, atumize uthenga wotchula dzina la wotumidwayo, nayenso adzaonetse chiphaso.

Ngati mwini ali ku Blantyre, ndalama yotumizira amalipira yekha phukusi lisananyamuke, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Hotela imajambula foniyo isanaikulunge, imaipereka ku kampani yonyamula katundu yomwe imapereka lisiti, n'kumutumizira nambala ya lisitilo. Kupatsira kondakitala wa minibasi nkotchipa, koma phukusi likasowa palibe pepala lokagwira. Kunja kwa dziko nkhani ndi ina: foni ili ndi batire ya lithiyamu, yomwe malamulo a ndege amaikhwimitsira, choncho kampaniyo iyenera kuuzidwa zomwe zili m'phukusi isanalilandire.

Nthawi yosungira ikatha mwini osabwera, manijala amalemba m'buku lomwelo komwe chinthucho chapita. Zovala zimatha kuperekedwa kwa osowa, koma foni, poti muli zithunzi ndi mauthenga a munthu, ndi bwino kuitula kupolisi n'kusunga umboni wolembedwa woti yalandiridwa.