Mdani wa katemera si dzuwa lokha

Katemera amene mwana amabayidwa kusikelo amafunika kusungidwa pamalo ozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8, kuchokera tsiku limene wafika pachipatala mpaka pamene alowa mujekeseni. Insulini wa odwala matenda a shuga, akakhala wosatsegula, amafunanso chimodzimodzi. Kunena n'kosavuta, koma taganizani za chipatala chaching'ono ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala, pamene kunja kumapitirira madigiri 40 ndipo magetsi amathima osatsanzika. Ambiri tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022.

Tikamva zimenezi timaganiza kuti vuto ndi kutentha basi. Koma kutentha kumasiya chizindikiro pabotolo. Kuundana sikusiya, ndipo n'kumene kumapusitsa anthu.

Pafupifupi kabotolo kalikonse ka katemera kali ndi kachizindikiro kamene azaumoyo amati VVM. Ndi kabwalo kozungulira, ndipo mkati mwake muli kabokosi ka ngodya zinayi koyererako. Botolo likamamva kutentha, kabokosiko kamada pang'onopang'ono, ndipo sikabwereranso ngakhale botololo litabwezedwa mufiriji. Kakadali koyererapo kuposa kabwalo, katemerayo ndi wabwino. Kakafanana ndi kabwalo kapena kuda kuposerapo, watha ntchito, ngakhale deti yake isanakwane. Wosachedwa kufooka ndi kutentha ndi wa poliyo wodontheza m'kamwa. Wa chikuku ndi wa BCG amabwera ali ufa ndipo amapirirako, koma akangosungunulidwa amatayidwa pakatha maola 6, kapena sikelo ikatha ngati yatha msanga.

Mafiriji a katemera si ofanana ndi a m'nyumba. Amene amayendera magetsi a ESCOM amakhala ndi madzi m'zipupa zake. Magetsi akayaka madziwo amaundana, ndipo akathima ayeziyo ndiye amasunga kuzizira kwa maola osachepera 20. Maola 8 a magetsi patsiku amakwanira. Kumene kulibe mawaya, mafiriji a parafini ndi a gasi akusiyira malo a sola opanda mabatire, amene amaundanitsa madzi masana n'kupirira masiku atatu a mitambo. Kuchotsa batire kunali nzeru, chifukwa ndilo linkayamba kufa, osanenanso za anthu ofuna kutchajirapo mafoni. Ntchito yotsala ndi kupukuta fumbi pamapanelo ndi kusatsegulatsegula chivindikiro.

Tiyerekeze kuti magetsi athima Loweruka madzulo n'kudzayaka Lamulungu usiku. Lolemba m'mawa mlangizi wa zaumoyo sayamba ndi kutsegula firiji. Amayamba wawerenga kachipangizo kamene kamalemba kutentha kwa masiku 30. Kamaonetsa chenjezo ngati mufiriji munapitirira madigiri 8 kwa maola 10 otsatizana. Likaoneka chenjezolo, iye amayang'ana VVM ya botolo lililonse. Odetsedwa amawachotsa n'kuwalemba m'buku, ndipo amene ayamba kuda koma sanafike potayidwa amawaika pamwamba kuti agwiritsidwe ntchito poyamba. Mpaka apa zonse zikuoneka ndi maso.

Tsopano tiyerekeze kuti Lamulungu m'mawa wina wamtima wabwino anaona kuti zinthu zivuta. Anatenga mabotolo onse n'kuwasamutsira m'bokosi lonyamulira katemera, n'kuwazinga ndi mapaketi a ayezi ouma gwa amene anabwereka pamalo pamene pali jenereta. Paketi yochokera kumene mufiriza imatha kukhala pa madigiri 20 kunsi kwa ziro. Botolo la penta, la chibayo, la kafumbata kapena la khansa ya khomo la chiberekero likakhudzana nayo, limaundana. Pofika Lolemba lasungunuka, VVM yake ili mbee, ndipo palibe angakayikire kanthu. Chonsecho katemerayo waonongeka. Mitundu imeneyi ili ndi timchere ta aluminiyamu timene timathandiza thupi kumva katemerayo, ndipo tikaundana timagwirana m'timibulu tosabwereranso mwakale. Mwana amabayidwa, kukadi kumalembedwa, mayi amabwerera kwawo mtima uli m'malo, koma chitetezo chimene mwanayo walandira n'chochepa.

Njira yodziwira ilipo, kungoti imadya nthawi. Mlangizi amatenga botolo lina la mtundu womwewo ndi gulu lomwelo, n'kulilemba kuti ndi loyesera, n'kuliundanitsa dala kwa maola osachepera 10 mpaka lilimbe. Likasungunuka, amaligwira dzanja limodzi ndi botolo lokayikitsalo n'kuwakhutchumula kwa masekondi 10 mpaka 15, kenaka n'kuwaimika pamodzi powala. Zimene zimachitika zikufanana ndi madzi a kumtsinje m'ndowa: mchenga umakhazikika msanga, matope amachedwa. Botolo lokayikitsalo likachedwa kudikha kuposa loyeseralo, silinaundane. Likadikha mofanana nalo kapena mofulumira, latha. Choncho yankho la Lolemba limabwera Lachiwiri, ndipo mpaka pamenepo mabotolowo amasungidwa pambali mufiriji. Katemera wa poliyo wa jekeseni alibe aluminiyamu, ndiye kuyesa kumeneku sikumugwira. Akangokayikiridwa kuti anaundana, sagwiritsidwa ntchito.

Zonsezi zikanapeweka ndi kudikira pang'ono. Paketi ya ayezi imayenera kuyalidwa patebulo mpaka iyambe kutuluka thukuta, ndipo ukaikhutchumula pafupi ndi khutu madzi azimveka kuti khutchukhutchu mkati. Pamenepo ndiye ilowe m'bokosi. Mlangizi amene ali ndi ulendo wautali wa panjinga kupita kusikelo yakumudzi amaona ngati akutaya nthawi, ndipo ndikumumvetsa. Koma m'kuona kwanga, maphunziro a chinthu chaching'onochi ndi ofunika mofanana ndi kugula firiji yatsopano.

Insulini naye amafa akaundana, koma pa kutentha ndi wolimbirako kuposa mmene ambiri ankaganizira. Botolo limene layamba kugwiritsidwa ntchito limatha kukhala kunja kwa firiji pafupifupi milungu inayi. Mu 2021 bungwe la MSF ndi yunivesite ya Geneva anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anayesa insulini pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, monga kumakhalira kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya. Anapeza kuti mphamvu yake inakhalabe bwino kwa milungu inayi. Tanthauzo lake n'lakuti kusowa firiji kunyumba si chifukwa choletsera wodwala kutenga insulini wa mwezi umodzi.

Kunyumbako mtsuko umathandiza. Botolo limakulungidwa m'kapulasitiki kuti lisanyowe, n'kuikidwa mumtsuko waung'ono umene wakhazikidwa mumtsuko waukulu, pakati pake pali mchenga wonyowa, pamthunzi podutsa mphepo. Umatsitsa kutentha ndi madigiri ochepa chabe, ndipo m'nyengo ya mvula mphamvu yake imachepa chifukwa madzi sauma msanga. Ndiye mtsuko ndi wa botolo la wodwala, osati wa katemera kapena insulini wosungidwa kuchipatala.

Ngati mumadzibaya insulini, liyang'aneni botolo musanakoke. Wa mtundu woyera ngati madzi asakhale ndi mtambo, ndipo wooneka ngati mkaka asakhale ndi timibulu mukamugubuduza m'manja. Shuga akamakwera popanda chifukwa pamene mukubaya monga mwa masiku onse, tengani botololo mupite nalo kuchipatala, ndipo mukawauze kumene mumalisunga.