Pepala la Mafunso Asanu ndi Anayi ku Chipatala

Lero tikambirana za pepala la mafunso limene anamwino ena amawerengera odwala pofuna kuona ngati ali ndi matenda a kukhumudwa. Ena a inu mwamvapo munthu akubwera kuchipatala nanena kuti, "Andipeza ndi malikisi 12, ndiye kuti mutu wanga wasokonezeka." Munthu wotere sanamvetse ntchito ya pepalalo.

Pepala lodziwika kwambiri limatchedwa PHQ-9. Madokotala a ku Amereka analifalitsa m'chaka cha 2001, ndipo linamasuliridwa m'zinenero zambiri, ngakhale m'Chichewa. Lili ndi mafunso 9, onse ofunsa za masabata awiri apitawo: kusakondwa ndi zinthu, kukhumudwa, tulo, kutopa, kadyedwe, kudziona wachabechabe, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kuchita zinthu mwaulesi kapena mosakhazikika, ndi maganizo ofuna kufa. Mukayankha kuti sizinachitike konse, namwino alemba 0. Masiku angapo ndi 1, masiku opitirira theka ndi 2, pafupifupi tsiku lililonse ndi 3. Onse pamodzi sapitirira 27, ndipo kawirikawiri amene wafika pa 10 ndiye amayenera kupimidwa bwino. Liliponso linzake la nkhawa, GAD-7, la m'chaka cha 2006, la mafunso 7, limene malikisi ake amalekezera pa 21.

Tsono mvetsani bwino apa. Tiyerekeze mlimi wina wafika kuchipatala mwezi wa Febuluwale, nkhokwe itatha, atangodzuka pa malungo. Za kutopa ayankha kuti tsiku lililonse, alembedwa 3. Chakudya sichikulowa, 3 winanso. Tulo ndi tovuta, 2. Akamamvera wailesi maganizo amathawa, 2. Pamenepo malikisi akwana 10. Koma atamufunsa ngati wakhumudwa, kapena ngati wasiya kukondwa ndi munda wake ndi zidzukulu zake, iye akuti iyayi, ndipo pa mafunso awiriwa alembedwa 0. Komatu awiriwa ndiwo tsinde la matendawa, pakuti dokotala sanena kuti munthu ali nawo ngati palibe ngakhale chimodzi mwa ziwirizi. Mwina mlimiyu magazi amuchepera, mwina ndi shuga, mwina ndi njala chabe. Pepala silidziwa kusiyanitsa zimenezi. Silidziwanso kuti mayi amene akulira tsiku ndi tsiku anaika mwamuna wake m'manda sabata latha.

Ntchito ya pepalali ikunga ya lichero. Mayi akapeta, zimene zatsala m'licheromo sakhuthulira mu mphika nthawi yomweyo, amayamba wasankha timiyala. Pamene analiyesa koyamba ku Amereka, anapeza kuti mwa odwaladi 100, pepala linagwira 88, ndipo mwa anthu 100 osadwala linaloza 12 molakwa. Tiyerekeze pamudzi panu pafunsidwa anthu 100, ndipo odwaladi alipo 10. Pepala ligwira 9, mmodzi limuphonya. Mwa 90 otsalawo liloza anthu ngati 11 amene sakudwala. Ndiye kuti mwa anthu 20 a malikisi okwera, odwaladi safika ndi theka lomwe.

N'chifukwa chake pambuyo pa pepala pamafunika kukhala pansi ndi dokotala kapena namwino wophunzira za matenda a maganizo. Iye afunsa kuti zinayamba liti, ngati munthu akutha kulima ndi kusamala banja, ngati amamwa mowa kapena mankhwala ena, ngati pagwa maliro pakhomo. Mwina apimanso magazi. Akatero m'pamene anena dzina la matenda, ngati alipo.

Malikisi ochepa nawonso asakunyengeni. Amuna ambiri amachita manyazi kuuza mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo kuti usiku amalira, choncho amangoyankha kuti ali bwino. Ndiponso pali funso lotsiriza lija, limene siliwerengedwa ngati anzake. Munthu angathe kupeza malikisi 4 okha, koma ngati wavomera kuti amaganiza zofuna kufa kapena kudzipweteka, aonane ndi dokotala tsiku lomwelo. Achibale asamusiye yekha, ndipo achotse m'nyumba mankhwala ophera tizilombo ta m'munda ndi ta m'nkhokwe, pamodzi ndi zingwe.

Inu mafumu, munthu wa m'mudzi mwanu akakuululirani malikisi ake, musawatchule pabwalo, ndipo asakhale chifukwa chomulanda munda kapena kukana umboni wake pa mlandu. Mufunseni ngati waonana ndi dokotala pambuyo pa mafunsowo. Ngati sanatero, mupezereni womuperekeza, ndipo atenge kabuku kake ka kuchipatala.